Tingolo tiwiri tikagundana: kumatana, kunjanja, ndi masamu ake

Tengani tingolo tiwiri ta mu labotale ya fizikisi, tija ta matayala atatu toyenda pa thabwa losalala. Koyamba tikatche A. Kamalemera 1 kg ndipo kakuthamanga kulowera kumanja pa liwiro la 6 m/s. Kachiwiri, B, kamalemera 2 kg ndipo kangoima patsogolo pake. A kagunda B. Kodi kalikonse kayenda bwanji pambuyo pake?

Funso limeneli, momwe lilili, lilibe yankho limodzi. Ophunzira ambiri amaloweza kuti momentamu siisintha zinthu zikagundana, n'kuganiza kuti lamulo limeneli likwanira. Koma zosadziwika pano n'ziwiri, liwiro la A ndi liwiro la B, pomwe lamulo la momentamu limangopereka ikweshoni imodzi. Yachiwiri imachokera pa zimene zili pamphumi pa tingoloto, kaya ndi dongo lomata kaya ndi sipuling'i. Kusiyana konse kwa kugundana komatana ndi kugundana konjanja, kumene m'kalasi amati kwa ilasitiki, kuli pa ikweshoni yachiwiriyi.

Tiyambe ndi yoyamba ija. Momentamu ya chinthu ndi kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake, ndipo imatengera kumene chinthucho chikulowera. Tikagwirizana kuti kumanja ndi pulasi, ndiye kuti chilichonse cholowera kumanzere chili ndi mainasi. A kali ndi 1 × 6 = 6 kg m/s, B kali ndi 0, zonse pamodzi 6.

Chifukwa chimene 6 ameneyu sasinthira chili m'lamulo lachitatu la Newton. Nthawi yonse imene tingoloti tikukhudzana, A kamakankha B kulowera kumanja ndipo B kamakankha A kulowera kumanzere ndi mphamvu yofanana ndendende. Nthawi yokankhanayo nayonso ndi imodzi, popeza A sikangakhale kakukhudza B pomwe B sikakukhudza A. Mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi nthawi ndiko kusintha kwa momentamu, choncho chimene B kapindula n'chimene A kataya. Onani kuti sitinafunse ngati mphamvuyo ndi yaikulu kapena yaing'ono, ngati chitsulo chapindika, kapena ngati pamveka phokoso. Zonsezo zilibe kanthu. N'chifukwa chake ikweshoni iyi imagwira pa kugundana kwa mtundu uliwonse, malinga ngati palibe china chakunja chimene chikukankha tingoloti kwambiri pa kanthawi kameneko:

```
m1*u1 + m2*u2 = m1*v1 + m2*v2
```

Apa m ndi kulemera, u ndi liwiro tisanagundane, v ndi liwiro titagundana; 1 akuimira A, 2 akuimira B. Tikaika manambala athu tikupeza `v1 + 2*v2 = 6`. Yesani nokha muone kuchuluka kwa mayankho amene akukwana. A kakhoza kuima, B n'kumapita pa 3 m/s. A kakhoza kupitirira pa 1 m/s, B pa 2.5 m/s. A kakhoza kubwerera pa 1 m/s, B n'kumapita pa 3.5 m/s. Onsewa akupereka 6, ndipo onsewa akhoza kuchitikadi.

Komabe mayankhowa ali ndi malire mbali ziwiri. Mbali imodzi, A sikangathamange kuposa B pambuyo pogundana, chifukwa kakanayenera kudutsa m'kati mwa B. Malire ake ndi pamene tonse tikuyenda pa liwiro limodzi. Mbali inayo, enaji ya kuyenda singachuluke kuposa imene inalipo poyamba, pokhapokha pakhale china chophulika pakati pa tingoloti. Malire ake ndi pamene enaji yonse yabwerera osataikapo. Kugundana komatana ndi konjanja ndiwo malire awiriwa, ndipo kugundana kulikonse kwa zinthu zenizeni kumagwera pakati.

Komatana nkosavuta. Ikani dongo lofewa pamphumi pa A kuti kakagunda B timatane. Tsopano ndi chinthu chimodzi cholemera 3 kg, choncho ikweshoni yachiwiri ndi yakuti v1 ndi v2 n'zofanana. Momentamu ndi 6 yemwe uja, ndiye liwiro ndi 6 ÷ 3 = 2 m/s kulowera kumanja.

Tiwerengere enaji. Enaji ya kuyenda ndi theka la kulemera kuchulukitsa ndi sikweya ya liwiro. Poyamba A kanali ndi ½ × 1 × 36 = 18 J. Titamatana pali ½ × 3 × 4 = 6 J. Pasowa 12 J, magawo awiri mwa atatu. Enajiyi yagwira ntchito yophwanya dongo, dongolo lafunda pang'ono, ndipo kachigawo kochepa kwambiri kapita ku phokoso. Chofunika kuzindikira n'chakuti 12 J ameneyu sadalira kufewa kwa dongo. Mukadaika guluu, mbedza kapena msomali wolowa m'thabwa, bola tingoloti timatane, enaji yotaika ikadakhala 12 J yomweyo. Pamene chogundidwacho chinali chitaima, gawo lotaika limakhala m2 ÷ (m1 + m2), apa 2 ÷ 3.

Nanga 6 J wotsalayo bwanji sataika nayenso? Chifukwa momentamu imamuteteza. Zinthu zolemera 3 kg zonyamula momentamu ya 6 ziyenera kuyenda, ndipo njira yoyendera ndi enaji yochepetsetsa ndi yakuti zonse ziyende pa liwiro limodzi. Choncho kugundana komatana kumataya enaji yonse imene ingathe kutaika, osati enaji yonse imene ilipo. Anthu amasokoneza ziwirizi kawirikawiri.

Tsopano chotsani dongo muike sipuling'i yabwino, yoti ikapanikizika imabwerera mwakale osasunga kanthu. Ikweshoni yachiwiri ndi yakuti enaji ya kuyenda ikhale 18 J poyamba ndi pomaliza pomwe:

```
v1 + 2*v2 = 6
0.5*v1^2 + v2^2 = 18
```

Kuchokera pa mzere woyamba, v1 = 6 − 2v2. Tikaika zimenezi pa mzere wachiwiri n'kumasula, tikupeza 18 − 12v2 + 3v2² = 18. Ma 18 aja afafanizana, kutsala 3v2(v2 − 4) = 0. Ndiye kuti v2 ndi 0 kapena 4.

Yankho la 0 lisakudabwitseni. Likunena kuti B sikanasunthe ndipo A kakupitabe pa 6 m/s, ngati kuti A kaphonya. Maikweshoni awiriwa sadziwa kuti pachitika kugundana, amangofuna kuti momentamu ndi enaji zikhale monga zinalili, ndipo kusagundana kumakwaniritsa zimenezo. Yankho limeneli limatuluka nthawi zonse. Ndipo ngati mwa mayankho anu awiri mulibe lofanana ndi mmene zinthu zinalili poyamba, dziwani kuti masamu aphonyeka penapake.

Yankho lenileni ndi v2 = 4 m/s, ndipo v1 = 6 − 8 = −2 m/s. A kabwerera m'mbuyo. Momentamu ndi −2 + 8 = 6, enaji ndi 2 + 16 = 18 J. Zonse zakwana.

Pali njira yachidule yopewera masikweya, ndipo pa mayeso ine ndingasankhe imeneyi. Mukalemba ikweshoni ya enaji ndi ya momentamu mwa zilembo, n'kusonkhanitsa za A mbali imodzi ndi za B mbali ina, kenako n'kugawa ya enaji ndi ya momentamu, kulemera konse kumachoka, kutsala izi:

```
v2 - v1 = u1 - u2
```

Liwiro limene tingoloti timasiyanira n'lofanana ndi limene timayandikirana nalo. Tinayandikirana pa 6 m/s, ndipo 4 − (−2) = 6. Mukaphatikiza mzere umenewu ndi wa momentamu, −v1 ndi v1 zimadyana, kutsala 3v2 = 12, n'kupeza 4 yemwe uja mwa mizere iwiri yokha. Koma chenjerani: njirayi ndi ya kugundana konjanja kokha, ndipo pa mzere umodzi wowongoka.

Mayankho awiriwa, a dongo ndi a sipuling'i, amaoneka ngati nkhani ziwiri zosagwirizana. Kuyang'ana m'kati mwa kugundanako kumasonyeza kuti ndi nkhani imodzi. Tiyerekeze kuti tajambula kanema n'kumamuonetsa pang'onopang'ono. A kafika pa 6 m/s, sipuling'i yayamba kupanikizika. A kakucheperachepera liwiro, B kakuyamba kusuntha. Nthawi yonse imene A kakuthamanga kuposa B, mpata wapakati ukuchepa ndipo sipuling'i ikupanikizikabe. Kupanikizikako kumalekeza pamene liwiro la tonse lafanana. Momentamu idakali 6 ndipo kulemera ndi 3 kg, choncho liwiro limenelo ndi 2 m/s, lomwe lija la dongo. Pa kamphindi kameneko enaji ya kuyenda ndi 6 J, ndipo 12 J ali m'sipuling'i.

Kufika apa dongo ndi sipuling'i zachita chimodzimodzi. Dongo limathera pomwepa chifukwa silibweza chimene lalandira. Sipuling'i imatambasuka, ndipo potambasuka imakankha tingoloti mofanana ndi mmene inatikankhira popanikizika. Pa gawo loyamba A kanatsika kuchoka pa 6 kufika pa 2, kutaya 4. Pa gawo lachiwiri kataya 4 wina, kufika pa −2. B kanakwera kuchoka pa 0 kufika pa 2, ndipo kakwera ndi 2 wina kufika pa 4. Amenewa ndi mayankho athu aja, ndipo sitinakhudze sikweya ngakhale imodzi.

Ndiye kuti amene akudziwa kuthetsa funso la kumatana wathetsa kale la kunjanja. Pezani liwiro lomatana, tilitche V, kenako kalikonse kamasintha kawiri kuposa mmene kakanasinthira:

```
V  = (m1*u1 + m2*u2) / (m1 + m2)
v1 = 2*V - u1
v2 = 2*V - u2
```

Zimenezi zikutiuzanso chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Pa kumatana B kanalandira momentamu ya 4 kg m/s, pa kunjanja kanalandira 8. Chinthu chonjanja chimakankha chinzake kawiri kuposa chomatirira, ngakhale zonse zitafika ndi kulemera kumodzi ndi liwiro limodzi.

Njirayi imafotokozanso zimene aliyense wosewera pulu amazidziwa ndi manja. Mipira iwiri yolemera mofanana, wina woima: V ndi theka la liwiro la mpira woyera, choncho woyerawo umatsala ndi 2V − u1 = 0, winawo n'kutenga liwiro lonse. Mpira woyera ukagunda pakatikati penipeni uli wosazungulira umaimadi nji. Ukafika ukugudubuzika umapitirira pang'ono kutsatira unzake, osati chifukwa lamuloli lalephera, koma chifukwa kuzungulira kwake kudakalipo ndipo nsalu ya patebulo imaukokeranso kutsogolo. Ndipo chogunda chimabwerera pokhapokha chikakhala chopepuka kuposa chogundidwa, chifukwa m'pamene V amachepera theka la u1.

Tsopano za mainasi, pamene mamalikisi ambiri amathera. Tisinthe funso pang'ono: B kasaime, kazibwera kudzakumana ndi A pa 3 m/s. Pamenepa u2 ndi −3, ndipo momentamu yonse ndi 6 + 2 × (−3) = 0. Timatane, tonse tiima pomwepo. Enaji yonse, 18 J wa A ndi 9 J wa B, pamodzi 27 J, yapita m'dongo, popeza palibe momentamu yoti iteteze kanthu. Pa sipuling'i V ndi 0, choncho kalikonse kamangobwerera pa liwiro limene kanabwera nalo, A pa −6 ndi B pa +3.

Woiwala mainasi amawerengera 6 + 6 = 12, n'kugawa ndi 3, n'kupeza 4 m/s. Choipa chake n'chakuti yankholi limaoneka labwinobwino. Lili pakati pa maliwiro awiri aja, ndipo enaji yake, 24 J, ndi yochepera 27 J, ndiye ngakhale kuyesa ndi enaji sikuligwira. Chimene chimaligwira ndi kufunsa kangolo kalikonse pakokha kuti kasintha bwanji. Ngati A kachoka pa 6 kufika pa 4, kataya 2 kg m/s yokha. B, kamene kamalowera kumanzere pa 3 ndipo tsopano kakulowera kumanja pa 4, kasintha liwiro ndi 7, momentamu ndi 14. Wotaya 2 sangapatse mnzake 14. Jambulani mivi musanalembe nambala iliyonse, ndipo mukamaliza yesani mwa njira imeneyi.

Mu labotale yeniyeni simudzapeza −2 ndi 4. Sipuling'i, matayala ndi thupi la kangolo zimasunga kena kake. Tinene kuti mwayeza n'kupeza A kakubwerera pa 1 m/s, B kakupita pa 3.5 m/s. Momentamu ili bwino, −1 + 7 = 6. Liwiro losiyanira ndi 4.5, osati 6. Mukagawa losiyanira ndi loyandikirana mumapeza nambala yotchedwa e, apa 4.5 ÷ 6 = 0.75. Pa kumatana e ndi 0, pa kunjanja kwathunthu e ndi 1. Enaji yatsala 0.5 + 12.25 = 12.75 J, ndiye yataika ndi 5.25 J. Nambala imeneyi ndi 12 J uja kuchulukitsa ndi (1 − e²). Sikweya ili apayi ili ndi tanthauzo: e wa 0.75 amamveka ngati wayandikira 1, koma pafupifupi theka la enaji imene inalowa m'sipuling'i silinabwerere.

Koma mukapeza kuti momentamu ndiyo yasowa, musaimbe mlandu sipuling'i. Vuto limakhala kunja kwa tingoloti kapena pa kayezedwe. Kukwechesana kwa matayala ndi thabwa kumadya momentamu pang'onopang'ono. Pa kanthawi kogundana kokha n'kochepa kwambiri: mphamvu ya 0.2 N pa 0.05 s imangochotsa 0.01 kg m/s pa 6. Koma mukayeza liwiro tingoloti titayenda masekondi atatu, yachoka ndi 0.6, gawo limodzi mwa magawo khumi. Choncho liwiro liyezedwe pafupi penipeni ndi pogundanira, mbali zonse ziwiri. Ambiri amapendeketsa thabwa pang'ono mpaka kangolo kaziyenda pa liwiro losasintha, ndipo zimathandiza pa kumatana. Pa kunjanja kumene A kamabwerera, kupendekako kumakhala mdani, chifukwa A tsopano kakukwera chitunda uku kukwechesana kukukabwezanso. Ndipo ngati B katsamira khoma, ikweshoni ya tingolo tiwiri yatha ntchito, popeza khomalo, ndi dziko lonse limene lagwira khomalo, zalowa m'nkhaniyo.

Cholakwa china chachikulu ndi kudutsitsa enaji pa kugundana komatana ngati kuti siitaika. Chitsanzo chodziwika ndi chipangizo chimene Benjamin Robins wa ku England anafotokoza mu 1742 choyezera liwiro la chipolopolo: amawombera chithabwa cholemera cholendewera, chipolopolo n'kukanirira m'kati, n'kuona mmene chithabwacho chakwerera. Tinene kuti chipolopolo ndi 0.01 kg, chithabwa ndi 1.99 kg, ndipo zakwera 0.2 m. Funsoli lili ndi magawo awiri ndipo lililonse lili ndi lamulo lake. Pa kukwerako enaji ndiyo imasungika, ndipo tikatenga g, kukoka kwa dziko, kukhala 10 m/s², liwiro V loyambira kukwera limapezeka motere: V² = 2 × 10 × 0.2 = 4, ndiye V ndi 2 m/s. Pa kugundanako momentamu ndiyo imasungika: 0.01 × u = 2 × 2, ndiye u ndi 400 m/s. Chipolopolo chinabwera ndi 800 J, zotsala m'kuyenda ndi 4 J basi. Amene angalembe kuti enaji ya chipolopolo ndi yofanana ndi 4 J wokwezera chithabwa adzapeza liwiro la pafupifupi 28 m/s, lomwe ndi la galimoto pamsewu wa tala, osati la chipolopolo.

Kunjanja kwathunthu, kwa e wa 1 weniweni, kumapezeka pa tizinthu tating'onoting'ono ta m'kati mwa atomu, ndipo masamu a tingolo athuwa ndi amene James Chadwick anagwiritsa ntchito ku Cambridge mu 1932 poyeza kulemera kwa nyutuloni, kanthu kamene sakanatha kukaona chifukwa kalibe magetsi. Sankadziwa kulemera kwake m ngakhale liwiro lake u, koma ankatha kupeza liwiro la zimene kagunda. Kakagunda pakatikati chinthu choima cholemera M, chinthucho chimachoka pa 2V, kutanthauza 2mu ÷ (m + M). Anayerekeza mitima ya maatomu a haidulojeni, yolemera 1, ndi ya naitulojeni, yolemera 14. Ya haidulojeni inkachoka pa liwiro la pafupifupi 3.3 × 10⁷ m/s, ya naitulojeni pafupifupi 4.7 × 10⁶ m/s, kusiyana kasanu ndi kawiri. Mukagawa liwiro loyamba ndi lachiwiri, 2mu amachoka pamodzi ndi u wosadziwikayo, kutsala (m + 14) ÷ (m + 1) = 7. Ndiye kuti 6m = 7, ndipo m amapitirira 1 pang'ono, kuyandikira kulemera kwa pulotoni, yomwe ndi mtima wa atomu ya haidulojeni. Miyeso yabwino ya pambuyo pake inasonyeza kuti nyutuloni imaposa pulotoni ndi pafupifupi 0.14 peresenti yokha.